Masheya 30 a mabanki kapena masheya 5 osafanana: kodi womwaza bwino ndalama zake ndani?

Munthu akanena kuti ndalama zake wazimwaza, nthawi zambiri amakhala akuwerenga mayina a makampani amene wagulako masheya. Akafika pa 20 kapena 30, mtima umakhala m'malo. Chimene kumwaza ndalama kumafuna ndi chakuti tsoka limodzi likagwa lisakhudze chuma chonse pa nthawi imodzi, ndipo kuchuluka kwa mayina pakokha sikutsimikizira zimenezo. Wolima minda khumi m'dambo limodzi ali ndi minda khumi ndithu, koma mtsinje ukasefukira yonse imamira usiku womwewo. Choncho funso lofunika pa zinthu zimene mwagula ndi lakuti kodi chimodzi chikatsika mtengo, zinazo zimatani.

Akatswiri a zachuma amayeza zimenezi ndi nambala yotchedwa korileshoni, imene imakhala pakati pa -1 ndi +1. Ikakhala +1, zinthu ziwirizo zimakwerera limodzi ndi kutsikira limodzi nthawi zonse. Ikakhala 0, kuyenda kwa chimodzi sikukuuzani kalikonse za chinzake. Ikakhala -1, chimodzi chikakwera china chimatsika nthawi zonse. Kampani yokumba mafuta ndi kampani ya ndege ndi chitsanzo chosavuta: mtengo wa mafuta ukakwera, yokumba imapindula pamene ya ndege imalira, chifukwa mafuta ndi gawo lalikulu la zimene imawononga. Mabanki awiri a m'dziko limodzi ndi osiyana ndi zimenezi. Onse amabwereketsa kwa anthu a m'chuma chimodzi, onse amatsatira chiwongoladzanja cha banki yaikulu imodzi, ndipo ngongole zikayamba kusabwezedwa, vutolo limawapeza onse.

Amene anaika maganizo amenewa m'masamu ndi Harry Markowitz, m'nkhani imene analemba mu 1952, ndipo mu 1990 analandira nawo mphoto ya Nobel ya zachuma. Mfundo yake inali yakuti kuopsa kwa sheya sikuyezedwa poiyang'ana payokha, koma poona zimene imachita ikasakanizidwa ndi zina zimene muli nazo kale.

Tiyerekeze anthu awiri, aliyense ali ndi ndalama zofanana. Kuti masamu asavute, tinene kuti sheya iliyonse imene akugula imagwedezeka ndi 30 peresenti pa chaka. Kugwedezeka kumeneku ndi muyeso wa mmene phindu la pa chaka limatalikirana ndi phindu lapakatikati: nambala ikakula, zaka zabwino zimakoma kwambiri ndipo zoipa zimapweteka kwambiri. Manambala amene ndikugwiritsa ntchito apa ndi ongoyerekeza, si a msika wina wake.

Woyamba wagula masheya a mabanki 30, ndalama zofanana pa iliyonse, ndipo korileshoni pakati pa mabanki awiri alionse ndi 0.8. Wachiwiri wagula masheya 5 okha: kampani ya mankhwala, ya migodi, ya mafoni, ya magetsi ndi yogulitsa zinthu za tsiku ndi tsiku, ndipo korileshoni pakati pawo ndi 0.2. Masheya onse akakhala ogwedezeka mofanana komanso ndalama zitagawidwa mofanana, kugwedezeka kwa mtolo wonse kumapezeka motere:

```
σp = σ × √(ρ + (1 − ρ) / n)
```

Apa σ ndi kugwedezeka kwa sheya imodzi, ρ ndi korileshoni, ndipo n ndi chiwerengero cha masheya. Kwa wa mabanki uja, m'kati mwa sikweya ruti muli 0.8 kuphatikiza 0.2 yogawidwa ndi 30, zomwe ndi 0.807. Sikweya ruti yake ndi pafupifupi 0.898, ndipo tikachulukitsa ndi 30 tipeza 26.9 peresenti. Munthuyu wagula makampani 30, walipira ndalama za broka ka 30, ndipo kugwedezeka kwatsika kuchoka pa 30 kufika pa 26.9 basi. Kwa wachiwiri, m'katimo muli 0.2 kuphatikiza 0.8 yogawidwa ndi 5, zomwe ndi 0.36. Sikweya ruti yake ndi 0.6, ndipo kugwedezeka kwake ndi 18 peresenti. Akanangogula awiri okha mwa asanuwo, akanakhala pa 23.2, ndipo akanaposabe wa mabanki 30.

Mukaiyang'anitsitsa fomula ija muona chifukwa chake. M'kati mwa sikweya ruti muli zigawo ziwiri. Gawo lachiwiri limagawidwa ndi n, kotero mukamaonjezera masheya limacheperachepera mpaka kutha. Gawo loyamba, ρ, siligawidwa ndi chilichonse. Wa mabanki uja ngakhale atagula mabanki onse a pa dziko, korileshoni ikakhalabe 0.8 sangatsike kupitirira 26.8 peresenti. Atafika pa mabanki 10 anali kale pa 27.2, ndiye kuti 20 otsatirawo sanam'thandize kwenikweni. Winayo malire ake ali pa 13.4, ndipo akakhala ndi masheya 30 osafanana chotero amafika pa 14.3. Chiwerengero chimangokufikitsani msanga kapena mochedwa pa malire, koma amene amaika malirewo ndi korileshoni.

Pali njira ina yoonera zomwezi imene ine ndimaikonda chifukwa imalasa. Mukagawa 1 ndi nambala ya m'kati mwa sikweya ruti ija, mumapeza kuti masheya anu akufanana ndi masheya angati osadalirana konse. Wa mabanki 30 amapeza 1.24. Wa masheya 5 amapeza pafupifupi 2.8.

Komabe wa masheya asanu asanyade msanga, chifukwa chiwerengero chili ndi ntchito yake imene korileshoni singagwire. Kampani imatha kugwa yokha pa zifukwa zakezake: akuluakulu aba, khoti lagamula mlandu waukulu, chinthu chimene imagulitsa chapezeka kuti n'choopsa. Imodzi mwa zisanu ikatheratu, 20 peresenti ya chuma chake yapita. Imodzi mwa 30 ikatheratu, zapita ndi 3.3 peresenti zokha. Fomula ija siionetsa bwino tsoka lotere, popeza imatenga kukwera ndi kutsika ngati zinthu zoyenda mwadongosolo, pamene kugwa kwa kampani kumabwera kamodzi n'kamodzi. Ndiye pakati pa awiriwa ndingasankhe wa masheya asanu, koma ndingamuuze kuti aonjezere mpaka 15 kapena 20, ndipo sheya iliyonse yatsopano izichokera ku mtundu wa bizinesi umene alibe.

Ogwira ntchito ku Enron, kampani ya ku America imene inagwa mu 2001, anakumana ndi mbali yoipitsitsa ya nkhaniyi. Ambiri anali ataika gawo lalikulu la ndalama zawo zapenshoni m'masheya a kampani yomweyo imene inkawalipira. Itagwa, ntchito inatha ndipo penshoni inapita nayo. Malipiro anu nawonso ndi chuma, ndipo ali ndi korileshoni ndi zimene mwagula. Wogwira ntchito kubanki amene wagula masheya a mabanki ali pangozi yoposa imene masamu a pamwambawa akuonetsa.

Njira yachitatu ndi kugula fandi, thumba la ndalama za anthu ambiri logulira masheya, yotsata indekisi ya msika wonse, kutanthauza mndandanda wa makampani woyezera mmene msika ukuyendera, monga S&P 500 imene ili ndi makampani akuluakulu pafupifupi 500 a ku America. Imeneyi imathetsa vuto la kampani imodzi kugwa yokha, pamtengo wochepa, ndipo simuvutika kusankha. Kwa anthu ambiri ndi poyambira pabwino kuposa njira ziwiri zija. Chimene singachotse ndi ngozi ya msika wonse, gawo lija la ρ. Mu 2008 S&P 500 inataya pafupifupi 37 peresenti, ngakhale mutawerengera phindu logawidwa kwa eni masheya, ndipo makampani mazanamazana sanatchinjirize aliyense chifukwa pafupifupi onse anatsikira limodzi. Muyeneranso kudziwa kuti maindekisi ambiri amapereka gawo lalikulu kwa makampani amene mtengo wawo wonse ndi waukulu. Makampani ochepa a mtundu umodzi akakula kwambiri, indekisi imayamba kuyenda monga iwo akuyendera, ngakhale pa mndandanda pali mayina ambiri. Indekisi ina ya ku America, ya Nasdaq, imene inadzaza ndi makampani a makompyuta ndi intaneti, inatsika ndi pafupifupi 78 peresenti kuchokera mu Malichi 2000 kufika mu Okutobala 2002. Munali makampani zikwi.

Njira imene imapusitsa anthu ambiri ndi yogula mafandi angapo. Munthu amagula fandi yotsata msika wonse, kenako ya makampani a zaumisiri, kenako ina ya makampani okula msanga, kenako ina yochokera ku kampani ina yoyendetsa mafandi poganiza kuti kusintha woyendetsa ndiko kumwaza. Mukatsegula mapepala a mafandi anayiwo n'kuona makampani 10 amene ali pamwamba m'iliyonse, kawirikawiri mumapeza mayina omwewo akubwerezedwa. Munthuyu akulipira oyendetsa anayi kuti am'gulire zinthu zomwezo, ndipo nthawi zina wathera poika ndalama zambiri pa makampani ochepawo kusiyana ndi mmene akanachitira ndi fandi imodzi ya msika wonse. Pa njira zonse zimene zili m'nkhani ino, iyi yokha ndi imene sindiiona ubwino wake.

Nanga kugula masheya a maiko ena? Kumathandiza, makamaka pa mavuto amene amagwera dziko limodzi: ndale zosokonekera, ndalama ya dziko kutha mphamvu, kapena msika umene wakwera mopitirira muyeso n'kukhala zaka zambiri osabwerera. Japan ndi umboni wake. Indekisi ya Nikkei inafika pachimake kumapeto kwa 1989 ndipo sinadutsenso pamenepo mpaka mu 2024. Amene anali ndi masheya a ku Japan okhaokha anadikira zaka zoposa 30, pamene amene anali ndi gawo lina kunja sanamve kuwawa kofananako. Koma pa mavuto a dziko lonse lapansi njirayi imafooka. Mu 2008 masheya a maiko olemera kunja kwa America anatsika ndi zoposa 40 peresenti powerengera m'madola, ndipo a maiko amene chuma chawo chikungokwera kumene anatsika ndi zoposa theka. Kumwaza m'maiko kumagwira ntchito mukayang'ana zaka khumi kapena makumi awiri, pomwe chuma cha maiko chimapatukana, osati m'miyezi itatu ya mantha.

Zimenezi zikutifikitsa pa vuto lalikulu la korileshoni: siikhala malo amodzi. Nambala imene mwaiwerengera m'zaka zabata imakwera nthawi ya mavuto, nthawi yomwe mumaifuna itatsika. Chifukwa chake n'chomveka. Pa nthawi yabata, mtengo wa kampani ya mankhwala umayenda ndi nkhani za mankhwala, wa migodi ndi nkhani za migodi. Mantha akabwera, amene anagula ndi ndalama zangongole amauzidwa kuti abweze, ndipo sagulitsa chimene akufuna kugulitsa koma chimene chili ndi wogula. Mafandi amene anthu akuchotsamo ndalama amagulitsanso pang'ono pa chilichonse. Zinthu zosagwirizana konse zimatsikira limodzi chifukwa eni ake ndi amodzi ndipo onse akufuna ndalama m'manja. Fandi yotchuka ya Long-Term Capital Management inatsala pang'ono kugwa mu 1998 pa chifukwa chimenechi. Inali ndi malonda ambirimbiri m'misika yosiyana amene pa pepala ankaoneka osadalirana, koma Russia italephera kubweza ngongole zake mu Ogasiti chaka chimenecho, malondawo anayamba kutaya ndalama nthawi imodzi, ndipo zinatengera mabanki akuluakulu kusonkha ndalama kuti isagwe.

Tibwerere kwa munthu wathu wa masheya asanu. Korileshoni yake ikachoka pa 0.2 n'kufika pa 0.7 nthawi ya mavuto, fomula ija imapereka 26.2 peresenti, pafupi kwambiri ndi mnzake wa mabanki. Ndipo pamenepo sitinawerengere kuti sheya iliyonse payokha imagwedezekanso kwambiri nthawi zoterezi.

N'chifukwa chake anthu amafunafuna chinthu chimene si sheya konse, ndipo chodziwika kwambiri ndi mabondi a boma, kutanthauza ngongole imene mwabwereketsa boma pa chiwongoladzanja chodziwika. Kagawidwe kotchuka ndi 60 peresenti m'masheya ndi 40 m'mabondi. Tiyese ndi manambala ongoyerekezanso: msika wa masheya ukugwedezeka ndi 16 peresenti, mabondi ndi 6. Korileshoni ikakhala -0.3, mtolo wonse umagwedezeka ndi 9.2. Ikakhala 0, ndi 9.9. Ikakhala +0.5, ndi 11. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiona. Kutsika kwakukulu, kuchoka pa 16 kufika cha m'ma 10, kwabwera chifukwa chakuti mabondi ndi odekha paokha ndipo mwachepetsa masheya. Korileshoni ikungosuntha nambalayo pang'ono uku ndi uku. Ndiponso popeza masheya amagwedezeka kwambiri, ndi amene amalamulirabe mmene mtolo wonse ukuyendera ngakhale ali 60 peresenti yokha ya ndalama. Mtengo wa kudekhaku ndi wakuti pa zaka zambiri mabondi kawirikawiri amabereka zochepa kusiyana ndi masheya.

Zaka ziwiri zimaonetsa nkhope ziwiri za njirayi. Mu 2008, masheya a ku America atatsika ndi 37 peresenti, indekisi yaikulu ya mabondi a m'dzikolo inakwera ndi pafupifupi 5. Wa 60 ndi 40 anataya pafupifupi 20 peresenti. Zinawawa, koma osati ngati 37. Mu 2022 masheya anatsika ndi pafupifupi 18 peresenti, ochepera kwambiri, koma mabondi nawo anatsika ndi pafupifupi 13, ndipo munthu yemweyo anataya pafupifupi 16. Chitetezo chinali chochepa zedi.

Kusiyana kwa zaka ziwirizi kuli pa chimene chinayambitsa vuto. Mu 2008 chuma chinkafota, banki yaikulu ya America inatsitsa chiwongoladzanja mpaka pafupi ndi ziro, ndipo chiwongoladzanja chikatsika mabondi akale amene amalipira zambiri amakwera mtengo. Anthu amantha anathawiranso ku ngongole za boma. Mu 2022 vuto linali kukwera mitengo kwa zinthu, kumene kunafika pa 9.1 peresenti mu Juni, ndipo banki yaikulu inakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupi ndi ziro kufika kupitirira 4 peresenti m'chaka chimodzi. Zimenezi zimatsitsa mabondi mwachindunji, ndipo zimatsitsanso masheya popeza phindu la m'tsogolo limachepa mphamvu poliyerekeza ndi chiwongoladzanja cha lero. Choncho mabondi amateteza masheya pamene chuma chikufota, koma mitengo ikamathamanga onse awiri amakhala mbali imodzi. Bondi ya zaka zambiri imavulala kwambiri kuposa ya miyezi yochepa. Ndipo zonsezi zikunena za boma limene anthu salikayikira kuti libweza. Kumene boma lenilenilo lili pangozi yolephera, mabondi ake ndi masheya a m'dzikolo, makamaka a mabanki amene amasunga mabondiwo, amagwera limodzi.

Golide amatchulidwa kawirikawiri pamenepa. Korileshoni yake ndi masheya pa nthawi yaitali ndi yotsika ndithu, ndipo ndicho chifukwa chabwino chokhalira naye pang'ono. Koma salipira chiwongoladzanja kapena phindu logawidwa, amagwedezeka pafupifupi ngati masheya, ndipo atakwera kwambiri mu 1980 anakhala zaka zoposa 25 asanafikenso pamtengo umenewo. Korileshoni yotsika pa chinthu chosabereka imachepetsa kugwedezeka, koma ingachepetsenso chuma.

Chenjerani ndi zinthu zimene zimaoneka zodekha chifukwa chakuti mtengo wake suyezedwa kawirikawiri, monga nyumba kapena gawo la bizinesi imene siili pamsika wa masheya. Mtengo ukamalembedwa kamodzi pa chaka ndi munthu woyerekeza, korileshoni yake ndi masheya imatuluka yotsika pa pepala. Tsiku limene mungafune kugulitsa pakati pa mavuto ndi limene mumadziwa mtengo weniweni.

Kuyeza korileshoni ya zimene muli nazo sikovuta. Tengani mitengo ya kumapeto kwa mwezi uliwonse ya zinthu ziwiri kwa zaka zisanu. Musayerekeze mitengoyo mwachindunji, chifukwa zinthu ziwiri zilizonse zimene zakhala zikukwera kwa zaka zimaoneka ngati zikuyendera limodzi ngakhale zilibe ubale. Werengani kaye kuti mwezi uliwonse chilichonse chinakwera kapena kutsika ndi maperesenti angati, muike za chinthu choyamba mu mzere B ndi za chachiwiri mu mzere C, kenako mu Excel kapena Google Sheets mulembe:

```
=CORREL(B2:B61, C2:C61)
```

Mmene ndimaonera ine, zikapitirira 0.8 muzitenge ngati chinthu chimodzi chokhala ndi mayina awiri, ndipo zikakhala pansi pa 0.3 ndiye kuti chachiwiricho chikubweretsadi china chake. Koma musaimire pa nambala imodziyo, popeza ndi yapakatikati pa miyezi 60 imene yambiri inali yabata. Sanjani miyeziyo kuyambira umene chinthu chanu chachikulu chinatsika kwambiri, mutenge 6 yoipitsitsa, muone zimene chinzakecho chinachita m'miyezi imeneyo. Ngati chinatsika m'miyezi 5 mwa 6, nambala ya 0.3 ija ikukunamizani. Ngati zaka zisanu zimene mwatenga munalibe vuto lalikulu la msika, bwererani m'mbuyo mpaka mupeze chaka ngati 2008, 2020 kapena 2022.

Kenako siyani kompyuta, mulembe pambali pa chinthu chilichonse zimene zingachigwetse: chiwongoladzanja kukwera, mtengo wa mafuta kusintha, ndalama ya dziko kutha mphamvu, anthu kuchepetsa kugula, boma kusintha lamulo. Paliponse pamene chifukwa chimodzi chaonekera pa zinthu zambiri, phatikizani ndalama zimene zili m'zinthuzo muone kuti ndi gawo lanji la chuma chanu. Masheya a banki, bondi ya zaka 20 ndi fandi ya nyumba zobwereketsa ndi zinthu zitatu za mitundu itatu, koma zonse zingavulale chiwongoladzanja chikakwera msanga, ndipo pa pepala lanulo zidzagwera m'gulu limodzi ngakhale `CORREL` isanazionetse.